Musanatumize Ndalama ya Jekete: Zofunsa Wogulitsa wa Pafoni

Mwezi wa Meyi ukamatha, magulu a malonda a pa WhatsApp ndi pa Facebook amadzaza ndi zithunzi za majekete a kaunjika. Ogulitsa amakhala atamasula mabelo a zovala za nyengo yozizira, ndipo jekete yooneka bwino sichedwa kupeza mwini. Pamsika munthu amaigwira jeketeyo, kuitembenuza, kuinunkhiza ndi kuiyesa. Pafoni zonsezi palibe. Chimene muli nacho ndi chithunzi, mtengo, ndi mpata wolemba uthenga. Kabuku kano kakufotokoza mmene mungalembere uthengawo kuti ugwire ntchito imene manja ndi maso anu akanagwira.

Mfundo yake ndi imodzi. Funsani mafunso amene yankho lake ndi nambala kapena chithunzi. Mukafunsa kuti "Kodi ili bwino?" wogulitsa aliyense ayankha kuti ili bwino kwambiri, ndipo sananame, chifukwa kwa iye jekete ya kaunjika yosang'ambika ndi yabwino. Mukafunsa kuti "Kodi ingandikwane? Ndimavala L," ayankha kuti ikukwanani, ngakhale sanakuonenipo. Koma mukafunsa kuti kuchokera kukhwapa ili kufika kukhwapa linalo pali masentimita angati, ayenera kutenga tepi. Yankho lotero mukhoza kulisunga, ndipo katundu akafika mukhoza kuliyerekeza ndi chimene chili m'manja mwanu.

Yambani kuyeza kunyumba kwanu

Chilembo cha pakolala musachikhulupirire kwambiri. M'belo limodzi mumakhala zovala zochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse, ngakhalenso kampani iliyonse, ili ndi kayezedwe kake. L wa jekete yosokedwera msika wa ku America nthawi zambiri amakhala wamkulu kuposa L wa jekete yosokedwera msika wa ku China. Pa majekete a suti a abambo, nambala 40 ya ku Britain ndi yofanana ndi 50 ya ku Italy kapena ku Germany, moti munthu akangoona 50 akhoza kuganiza kuti ndi chijekete chachikulu pamene ndi chapakatikati. Kuwonjezera apo, chovala chakale chinachapidwa kambirimbiri, mwina chinafupika, mwinanso mwini wake woyamba anachipititsa kwa telala kukachepetsa. Chilembo chimatsala chomwecho pamene chovala chinasintha.

Njira yodalirika ndi iyi. Tengani jekete imene munthu amene mukumugulirayo amaivala kale ndipo imamukhala bwino. Ngati alibe, abwereke ya mbale wake kapena ya mnzake, aiyese, ndipo imene yamukwana ndiyo muyeze. Kuyeza jekete n'kwabwino kuposa kuyeza thupi, chifukwa wogulitsa uja nayenso adzayeza jekete, ndiye mudzakhala mukuyerekeza zinthu zofanana. Pezani tepi ya telala, yofewa ija. Tsekani zipi kapena mabatani onse, yalani jeketeyo patebulo kapena pamphasa, kumaso kwake kuyang'ane kumwamba, ndipo isalazeni ndi dzanja popanda kuikoka.

Muyeso woyamba, umene uli wofunika kuposa yonse, ndi wa pachifuwa. Ikani tepi pamsoko wa kukhwapa la kumanzere, ndi kuiwongola mpaka pamsoko wa kukhwapa la kumanja. Nambala imene mwapezayo ndi theka la kuzungulira kwa jekete. Mukapeza masentimita 57, ndiye kuti jeketeyo imazungulira masentimita 114. Munthu amene chifuwa chake chimazungulira masentimita 100 amakhala ndi mpata wa masentimita 14 mu jekete yotere, ndipo mpata umenewu ndi umene umalola kuti avale juzi mkati ndi kukweza manja popanda kuthinidwa. Jekete yovala pamwamba pa juzi imafuna mpata wa masentimita 10 mpaka 15. Ikakhala yokhuthala, ya thonje kapena nthenga mkati, mpata wina umadyedwa ndi kukhuthalako, choncho muyeso wa kunja uyenera kukulirapo.

Kenaka itembenuzeni jeketeyo, msana uyang'ane kumwamba. Yezani mapewa, kuchokera pamsoko pamene mkono walumikizana ndi phewa kufika pamsoko wa mbali inayo. Yezani mkono, kuchokera pamsoko wa paphewa womwewo kutsika mpaka kumapeto. Pomaliza yezani kutalika, kuchokera pamene kolala yasokedwera kumbuyo kwa khosi mpaka kumpendero wa pansi. Majekete ena, makamaka amasewera, alibe msoko paphewa, mkono wake umayambira m'khosi. Otere mumayeza kuchokera pakolala kudutsa paphewa mpaka kumapeto kwa mkono, ndipo yanu ya kunyumba muiyezenso chimodzimodzi. Ngati wovala ndi mayi, kapena bambo wa mimba yotuluka, onjezani muyeso wa m'munsi mwa jekete, chifukwa ikhoza kukwana pachifuwa koma zipi n'kukana kutseka m'chiuno.

Lembani manambalawa papepala ndipo muwasunge. Adzakuthandizani chaka chino ndi chaka chamawa.

Uthenga woyamba

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Mayi wina wa ku Dedza akufuna kugulira mwamuna wake jekete. Bamboyo amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ndipo amadzuka m'bandakucha, pamene mu Juni ndi Julaye kuzizira kwa ku Dedza kumalowa m'mafupa. Mayiyo waona jekete yakuda pagulu lina la malonda. Wogulitsa ali ku Limbe, walemba kuti sayizi ndi L, ndipo tinene kuti mtengo ndi K45,000. Jekete yakale ya bamboyo, imene yatha koma imamukhala bwino, yapereka manambala awa: pachifuwa 57, mapewa 47, mkono 63, kutalika 70.

Uthenga wake ukhoza kukhala wotere:

"Mwaswera bwanji mayi? Ndaona jekete yakuda ya zipi imene mwaika dzulo pa K45,000, ndi iyi ndatumiza chithunzi chakeyi. Kodi ikadalipo? Ndili ku Dedza ndipo ndikufuna kugula sabata ino. Chonde ndithandizeni muyeso wake, mutaitseka zipi n'kuiyala pansi: kukhwapa kufika kukhwapa, phewa kufika phewa, mkono kuchokera paphewa, ndi kutalika kwa kumsana kuchokera pansi pa kolala. Mukajambula tepi ili pajeketepo ndithokoza kwambiri."

Taonani zinthu zingapo mu uthengawu. Mayiyu watumiza chithunzi cha jekete imene akunena, popeza wogulitsa akhoza kukhala ndi majekete akuda asanu. Watchula mtengo, kuti usasinthe pakati pa zokambirana. Wanena kumene ali ndi nthawi imene akufuna kugula, ndipo zimenezi zimamuuza wogulitsa kuti uyu si wongofunsa. Ogulitsa amalandira mauthenga ambiri a anthu amene amangoti "zingati?" kenaka n'kusowa, ndiye sangatope ndi tepi chifukwa cha munthu amene sakuoneka kuti agula. Ulemu ndi kunena zomveka ndi zimene zimachititsa kuti adzuke akayeze.

Chinanso, mayiyu sanatchule manambala a jekete ya kunyumba. Ichi n'chofunika. Mukanena kuti mukufuna 57, wogulitsa wotanganidwa akhoza kungoyankha kuti "ndi yomweyo" osayeza n'komwe. Mulekeni atchule yekha nambala yake, inu muyerekeze muli chete.

Musaunjike mafunso onse mu uthenga umodzi. Munthu akalandira mafunso khumi ndi awiri amayankha awiri omalizira. Yambani ndi muyeso, chifukwa jekete ikakhala yosakwana, zina zonse zilibenso ntchito ndipo simunataye bandulo yanu kapena nthawi ya mnzanu.

Manambala akabwera

Wogulitsa uja wayankha kuti: "Ilipo. 22, 18, 23, 27." Manambalawa ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi a ku Dedza aja, koma musadabwe. Tepi ya telala ili ndi mbali ziwiri, ina ya masentimita, ina ya mainchesi, ndipo matelala ambiri kwathu kuno anazolowera mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mukhoza kuchulukitsa pafoni, kapena kungotembenuza tepi yanu n'kuyezanso jekete ya kunyumba ndi mbali ya mainchesi. Ngati mukukayika mbali imene wagwiritsa ntchito, funsani. Chithunzi cha tepi ili pachovala chimathetsa nkhaniyi msanga, ndipo chimasonyezanso ngati tepiyo yayambiradi pamsoko.

Tikasintha manambala a wogulitsayo, pachifuwa pali masentimita pafupifupi 56, mapewa pafupifupi 46, mkono 58 ndi kachidutswa, kutalika pafupifupi 69. Pachifuwa, mapewa ndi kutalika zasiyana ndi ya kunyumba ndi sentimita imodzi yokha, ndipo kusiyana kotere kumachitika ngakhale anthu awiri atayeza chovala chimodzi. Vuto lili pamkono. Wafupika ndi masentimita pafupifupi 5. Kwa munthu wongoyenda pansi mwina n'zopiririka, koma wa kabaza amatambasula manja kugwira mahandulo, ndipo akatero mikono ya jekete imakwera. Mphepo yonse ya m'mawa idzalowera pamenepo.

Apa mpofunika kudziwa zimene telala angakonze ndi zimene sangathe. Mkono wautali amaufupikitsa mosavuta. Mkono waufupi sautalikitsa, kupatula ngati mkati munapindidwa nsalu yotsala, ndipo nthawi zambiri imakhala yochepa, komanso mzere wa pamene panapindidwa kale umaonekabe. Jekete yokhwepa m'mbali akhoza kuibweza pang'ono. Yothina pachifuwa ilibe mankhwala. Mapewa ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa kuwasintha kumafuna kumasula mikono yonse ndi lainingi, ndipo mtengo wa ntchitoyo ukhoza kuyandikira mtengo wa jekete. Choncho ngati muyenera kulolera kusiyana, lolerani jekete yokulirapo pang'ono m'thupi ndi m'mikono, koma mapewa akhale oyandikira kwambiri muyeso wanu.

Mayi wa ku Dedza uja akuyankha mwaulemu kuti mikono yafupika, ndipo akufunsa ngati pali ina yokhuthala chimodzimodzi koma ya mikono yotalikirapo. Wogulitsa akutumiza ya buluu, mtengo womwewo, ndi manambala 23, 18 ndi theka, 25, 28. M'masentimita ndi 58, 47, 63 ndi theka, ndi 71. Iyi ndiye yakwana. Chilembo chake pakolala ndi M, chaching'ono kuposa cha yakuda ija, chikhalirecho jeketeyo ndi yokulirapo.

Mmene jeketeyo ilili

Tsopano ndi nthawi ya uthenga wachiwiri. Chithunzi chimene wogulitsa amaika pagulu chimakhala cha kumaso, jekete itasitidwa, itakolekedwa pamalo owala bwino. Zilema za jekete sizikhala pamenepo. Zimakhala pamalo amene thupi limakhudza ndi pamene manja amagwiragwira.

"Zikomo mayi, ya buluuyi muyeso wake uli bwino. Ndisanalipire, chonde ndijambulireni panja powala, osayatsa kuwala kwa foni: mkati mwa kolala, kumapeto kwa mikono yonse iwiri, m'khwapa mkati ndi kunja, mkati mwa matumba mutawatulutsa, ndi kansalu kolembedwa ka m'mbali mkati. Ndipempheponso kavidiyo kakafupi mukulowetsa zipi pansi, kuikweza mpaka m'khosi ndi kuitsitsa. Ngati pali pong'ambika, posokedwa, pothimbirira kapena fungo lililonse, ndiuzeni, sikuti ndisiya kugula, ndikungofuna kudziwiratu."

Mawu omalizirawo ali ndi ntchito. Wogulitsa akamaopa kuti chilema chilichonse chithawitsa kasitomala, amakhala chete. Mukamuuza kuti mukudziwa kuti ndi kaunjika ndipo simukuyembekeza chatsopano, amamasuka kunena.

Zipi ndiyo iyenera kuonedwa mofatsa, chifukwa jekete ya mphepo yopanda zipi yogwira ndi chovala cha pamapewa chabe. Zipi imawonongeka m'njira zitatu, ndipo mtengo wokonzera umasiyana kwambiri. Ngati mukuikweza koma ikutseguka kumbuyo kwa kamutu kake, mano onse alipo, ndiye kuti kamutuko kakhwepa. Ili ndi vuto laling'ono, telala kapena wosoka nsapato ndi zikwama amakafinya ndi pulayala kapena kuikapo kena. Ngati dzino limodzi kapena awiri achoka, kamutu katsopano sikathandiza, zipi yonse iyenera kuchotsedwa. Chachitatu chili pansi penipeni, pa kachitsulo kapena kapulasitiki kamene mumalowetsa poyamba kutseka. Nsalu ya pamenepo ikanyenyeka kapena kachitsuloko kakathothoka, zipi yonse yathanso. Ndiye chifukwa chake vidiyo iyenera kuyambira pamene akulowetsa zipi, osati itatsekedwa kale theka. Kusintha zipi yonse pa jekete yokhala ndi lainingi ndi ntchito yomasula misoko kuyambira m'khosi mpaka pansi, ndipo si telala aliyense amene amaibwezera mowongoka. Zilembo za YKK pakamutu zimasonyeza zipi ya kampani yodziwika ndi zolimba, koma nayonso imatha, choncho vidiyo ndiyo mboni.

Kolala ndi kumapeto kwa mikono zimakuuzani zaka zimene jekete yavalidwa. Mkati mwa kolala mukakhala mzere wakuda wonyezimira, amenewo ndi mafuta a thupi amene analowerera, ndipo pansalu yowala sachoka onse. Kumapeto kwa mikono yang'anani ngati nsalu yayamba kunyenyeka, ndipo ngati pali lasitiki, funsani ngati akubwerera mukamukoka. Lainingi amayamba kung'ambika m'khwapa ndi m'matumba. Msoko wongomasuka ndi wa singano ndi ulusi kunyumba komwe. Koma nsalu yothetheka, imene ikuoneka ngati ukonde mukaiyang'anitsa padzuwa, idzang'ambikanso pambali pa pamene mwasokapo.

Kansalu kolembedwa ka mkati kamanena chimene jekete inapangidwa nacho. Apa anthu ambiri amapwetekedwa ndi majekete otchedwa achikopa. Ambiri mwa iwo si chikopa, ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki wofewa, ndipo pakansalu paja pamalembedwa PU. Pulasitiki ameneyu akakalamba amayamba kusweka ndi kusendeka, ndipo chinyezi ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. Amayambira pakolala, pamapewa ndi m'mapindiko a chigongono. Akangoyamba sasiya, ndipo palibe polishi kapena mafuta amene angamubwezere. Jekete yotere ikhoza kuoneka yokongola pachithunzi n'kuyamba kugwetsa tizidutswa takuda pamalaya mwezi usanathe. Mukaona ming'alu ing'onoing'ono pakolala, isiyeni ngakhale mtengo utatsika. Chikopa chenicheni chimakalamba mosiyana, chimachita makwinya ndi kusuluka m'makona koma sichisendeka ngati khungu la mbatata yophika. Majekete a mvula nawonso amakhala ndi utoto woyera kapena wotuwa mkati umene umatchinga madzi, ndipo ukayamba kufumbutuka ngati ufa, jeketeyo idzalowa madzi.

Ngati ndi jekete yofufuma, pemphani kuti aikoleke padzuwa aijambule. Zipinda zina zikaoneka zophwa pamene zina zili zotupa, ndiye kuti zamkati zinaundana pochapa, ndipo malo ophwawo adzalowetsa mphepo. Ngati ndi ya ubweya wa nkhosa, aiyang'anitse kowala kuti muone timabowo ta njenjete, timene timakonda kubisala pansi pa kolala ndi m'mphepete mwa matumba.

Fungo silijambulika, ndiye apa mudalira mawu a wogulitsa, koma funsani molunjika. Fungo la belo, lija la mankhwala limene kaunjika aliyense amakhala nalo, limachoka mukachapa ndi kuyanika. Fungo la chuku ndi lina. Limasonyeza kuti chovala chinanyowa chili chosungidwa, ndipo kawirikawiri pamakhala timadontho takuda kapena totuwa m'lainingi. Pa jekete yokhuthala fungo limeneli limavuta kutha, limabwerera nthawi ya mvula. Fungo la fodya nalonso limakakamira.

Za mtundu, kumbukirani kuti foni imasintha maonekedwe. Buluu woderako amaoneka wakuda m'nyumba. Ngati mtundu uli ndi ntchito, monga jekete yofunika kugwirizana ndi yunifolomu, pemphani chithunzi cha panja pamthunzi, pambali pake ataikapo pepala loyera.

M'chitsanzo chathu, vidiyo yasonyeza kuti zipi ikulowa bwino pansi, mano onse alipo, koma ikutseguka pang'ono pamimba akaikweza msanga. Thumba la kumanja labowoka pakona. Zonse ziwiri ndi zokonzeka. Mayi uja akulemba kuti: "Ndaona kuti kamutu ka zipi kakufuna kusintha ndipo thumba limodzi ndi lobowoka. Ndikonzetsa kuno. Mungandichotsereko K3,000?" Kunenerera kotere kumamveka, chifukwa kwatsamira pa chinthu chimene onse awiri achiona.

Zobweza zikambidwe ndalama isanapite

Ogulitsa kaunjika ambiri amanena kuti katundu akapita sabwerera, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Phindu lawo pa chovala chimodzi ndi lochepa, nyengo yozizira ndi yaifupi, ndipo ena anabwezeredwapo jekete itavalidwa kuukwati. Mukangofunsa kuti "Kodi mumalola kubweza?" yankho likhala lakuti ayi. Njira yabwino ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali kubweza chifukwa mwasintha maganizo kapena mtundu sunakusangalatseni, ndipo pamenepo wogulitsa ali ndi chifukwa chokanira. Palinso kubweza chifukwa chimene chafika si chimene munagwirizana: jekete ina, muyeso wosiyana ndi umene anatchula, kapena chilema chachikulu chimene sananene. Wogulitsa wachilungamo savutika kuvomera chachiwirichi, popeza anayeza yekha ndipo anajambula yekha.

"Mayi, tigwirizane izi ndisanatumize. Ndikugula jekete ya buluu, pachifuwa mainchesi 23, mkono 25, pa K42,000, ndipo ndikudziwa za zipi ndi thumba. Ikafika ndiiyeza tsiku lomwelo. Ngati muyeso wasiyana ndi inchi yathunthu kapena kuposa, kapena ndapeza chilema china chachikulu chimene sitinakambirane, ndikutumizirani chithunzi pasanathe maola 24, ndibweza jekete isanavalidwe kapena kuchapidwa, ndipo inu mubweza ndalama yanga jekete ikakufikani. Thiransipoti yobwezera ikhale yanu ngati vuto ndi limenelo. Ngati zili bwino, chonde yankhani kuti mwavomera."

Mu uthengawu muli zonse zimene anthu amakanganirana pambuyo pake: chifukwa chololedwa, nthawi yodandaulira, mmene chovala chiyenera kubwerera, amene alipire ulendo wobwerera, ndi chimene wogula alandire. Chomalizachi musachisiye m'malere. Ogulitsa ambiri amakonda kusinthitsa m'malo mobweza ndalama. Kusinthitsa n'kwabwino ngati ali ndi katundu wambiri, koma kaunjika alibe mapasa, ndipo mukhoza kudikira belo lina mpaka Ogasiti, kuzizira kutatha. Mukavomera kusinthitsa, ikani malire, mwachitsanzo kuti ikapanda kupezeka ina yokwana pasanathe masabata awiri, ndalama ibwerere.

Wogulitsa akhoza kukana kulipira thiransipoti yobwezera n'kunena kuti mugawane. Zimenezo n'zokambirana, ndipo muziwerengere nokha. Ngati kutumiza ndi kubweza pamodzi kukudya gawo lalikulu la mtengo wa jekete, ndiye kuti kubweza kulibe phindu kwenikweni, ndipo chitetezo chanu chili pa mafunso a muyeso ndi zithunzi aja. Akakaniratu kubweza kwa mtundu uliwonse, ngakhale atatumiza chinthu cholakwika, ine ndingakulangizeni kuti musatumize ndalama, pokhapokha muli ndi mbale m'tauni momwemo amene angapite ndi tepi kukaiona ndi kulipira pamanja. Ndipotu ngati mbale wotere alipo, imeneyo ndiyo njira yoposa zonse.

Mukakambirana pa kuyimba kapena pa mauthenga a mawu, lembaninso mwachidule zimene mwagwirizana ndipo iye ayankhe molemba. Kenaka jambulani sikirini ya zokambiranazo pamodzi ndi chithunzi cha malonda chija, chifukwa pa WhatsApp munthu akhoza kufufuta uthenga wake mbali zonse ziwiri, ndipo malonda a pa Facebook amachotsedwa katundu akagulidwa.

Polipira ndi polandira

Mafunso a muyeso ali ndi phindu lina. Munthu amene alibe jeketeyo, amene anangotenga chithunzi kwina, sangathe kujambula tepi ili pamkono wake. Amayamba kuzemba: katundu ali kusitolo, foni ya kamera yawonongeka, anthu ena atatu akuifuna ndiye tumizani kaye theka kuti ndikusungireni. Mukakayika, pemphani chithunzi cha jeketeyo pambali pake pali kapepala kolembedwa deti la tsikulo ndi dzanja. Wogulitsa weniweni amachita zimenezi m'mphindi zochepa. Wokukakamizani kulipira musanaone chimene mwapempha, musiyeni.

Potumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, onetsetsani dzina la mwini nambala musanatsimikize, ndipo likasiyana ndi la amene mukulankhula naye, funsani chifukwa chake. Sungani uthenga wotsimikizira kuti ndalama yapita. Funsani ngati mtengo wotumizira katundu uli mkati mwa mtengo wa jekete kapena ndi wapadera, ndipo pemphani chithunzi cha risiti ya kampani yonyamula katundu. Akapatsira kondakitala wa basi kapena dalaivala wa minibasi, mufunika nambala ya galimoto, nambala ya foni ya wonyamulayo, ndi nthawi imene anyamuka. Njira imeneyi ndi yotchipa koma ilibe risiti, choncho gwirizanani kuti phukusi likasowa panjira, wotaya ndani.

Phukusi likafika, musathamangire kuchapa. Litsegulireni pamalo owala, ndipo ngati n'kotheka wina ajambule vidiyo mukutsegula. Yalani jekete monga munayalira ya kunyumba ija, yezani malo anayi aja, yesani zipi katatu, pisani m'matumba, inunkhizeni. Mwini wake aivale pamwamba pa juzi imene adzavalire, atambasule manja kutsogolo monga akugwira mahandulo, akhalenso pansi zipi ili yotseka. Ngati pali vuto, jambulani tepi ili pamalo olakwikawo ndi kutumiza nthawi yomweyo, m'mawu odekha, mukulozera uthenga umene iye anavomera. Wogulitsa akakana kutsatira zimene analemba yekha, dziwitsani woyang'anira gulu limene munaonapo malondawo. Ngati ndi bizinesi yodziwika, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a ogula. Ngati munthu walandira ndalama n'kuzimitsa foni, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi ndi ya kampani ya foni imene munatumizira ndalama, ndipo kumeneko adzafuna nambala yake, uthenga wa ndalama uja, ndi zithunzi za zokambirana zanu.